Chithunzi cha agogo chikutuluka nkhope ya munthu wina, Denoising strength ndiike pa zingati?

NachisaleWaKuMabvuku
Abale ndithandizeni. Mwezi wamawa tili ndi mwambo wa chiliza cha agogo aamuna ndiye banja landipatsa ntchito yopanga chithunzi choika pa matisheti ndi pa fulemu yaikulu. Chithunzi chomwe tili nacho ndi chimodzi basi, chakuda ndi choyera, anajambulitsa ku situdiyo ku Highfield nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland atangobwera kuchokera ku Dedza, ali ndi anzawo awiri. Ndikufuna akhale okha, chikhale chamakala, avale jekete yooneka bwino. Ndikugwiritsa Stable Diffusion 1.5 pa AUTOMATIC1111, tabu ya img2img. Ndikasiya Denoising strength pamene inali pa 0.75 chithunzi chikukongola zedi koma munthuyo si agogo, amayi atachiona anafunsa kuti ameneyu ndi ndani. Ndikatsitsa mpaka 0.2 nkhope ndi yawo koma palibe chasintha, makala palibe, jekete ndi yomwe ija yong'ambika. Nambala yabwino ndi iti pakatipa?

Phiri_Tafara
0.5 achemwali, pakati mpakati basi

NachisaleWaKuMabvuku
0.5 ndinayesa. Akutuluka ngati mchimwene wawo wa agogo, mphuno ndi ina komanso mphini zomwe anali nazo m'mbali mwa maso zafufutika.

DJ_Kabaza
Vuto si denoizi ayi, ndi CFG Scale. Kwezani ifike 14 kaya 15 kuti makinawo amvere zomwe mwawapatsa. Pa 7 amachita zofuna zawo.

Malume_Gomani
A Kabaza mwanena zoona theka. CFG ikakwera modelo imamveradi kwambiri, koma imamvera mawu omwe mwalemba mu pulomputi, osati chithunzi chomwe mwaika. Pa sitepe iliyonse modelo imayerekeza kawiri, kamodzi ili ndi mawu anu, kamodzi ilibe, ndiye kusiyana kwa ziwirizo kumachulukitsidwa ndi nambala ya CFG ija. Tsono ngati achemwali alemba kuti bambo wachikuda wovala suti, kukweza CFG kukokera nkhope ija kwa bambo wachikuda aliyense yemwe modelo imamudziwa, ndipo agogo awo sali m'gulu limenelo. Kuonjezera apo kupyola 12 makala amapsa, khungu limanyezimira ngati lapakidwa mafuta ndipo mithunzi imada mopyola.

A Nachisale, ndisanakupatseni nambala ndiuzeni izi. Chithunzicho ndi chachikulu bwanji papepala, nkhope ya agogo ndi masentimita angati, ndipo mwachilowetsa pa Width ndi Height zingati?

NachisaleWaKuMabvuku
Amalume ndayeza ndi lula. Pepala ndi 9 kwa 14 cm, nkhope kuchoka khutu kufika khutu ndi 1.2 cm. Ndinachijambula ndi foni kenako ndinaika 512 kwa 768, onse atatu ali momwemo.

Malume_Gomani
Ndiye vuto lalikulu lili pamenepo, silinafike nkomwe pa denoizi. Tiyeni tiwerenge. 14 cm mwaisandutsa mapikiselo 768, ndiye sentimita imodzi ndi mapikiselo pafupifupi 55, nkhope ya agogo ili ndi mapikiselo ngati 66 m'lifupi. Koma Stable Diffusion siigwira ntchito pa mapikiselo mwachindunji, imayamba yapanikiza chithunzi ka 8 mbali iliyonse, 512 imakhala 64. Ndiye nkhope yonse ya agogo mkatimo ndi timabokosi 8 tokha m'lifupi. Maso awiri, mphuno, masaya, mphini, zonse m'timabokosi 8. Mukangosokoneza pang'ono palibe chotsala choti modelo igwire, imangopeka nkhope yake.

Tsono denoizi imachita chonchi. Imathira phokoso pa chithunzi chanu, tingoti ngati mchenga uja unkaoneka pa TV yakale mlongoti ukatembenuka, kenako modelo imachotsa mchengawo ikujambula zomwe ikuganiza kuti zinali pansi pake. Pa 0.2 mchenga ndi wochepa, zonse zikuonekabe, ndiye imangokonza timizere tating'ono. Pa 0.75 chotsala ndi pamene panali mutu, pamene panali mapewa, kuwala ndi kuda basi. Zing'onozing'ono ndi zomwe zimayamba kukwiririka, zazikulu zimatsalira. Ndipo chomwe chimapangitsa kuti amayi anu anene kuti awa ndi abambo anga ndi zing'onozing'onozo, mtunda wa pakati pa maso, pomwe milomo imathera, mphini. Jekete ndi chinthu chachikulu, kuti isinthe pamafunika 0.7 kupita m'mwamba. Nkhope yocheperayi imayamba kuthawa kupyola 0.3 chabe. Nchifukwa chake nambala imodzi yokwanira zonse ziwiri simuipeza, muyenera kugawa ntchito.

Choyamba pitani kumene kuli sikana yeniyeni, malo ambiri osindikizira m'tauni ali nayo, muwauze 1200 dpi ndipo asakhudze zoyeretsa zilizonse. Pa 1200 dpi nkhope ya 1.2 cm ituluka mapikiselo pafupifupi 570. Dulani agogo okha, mutu ndi mapewa, musanalowetse.

mai_a_Tadala
Pepani ndalowerera, ine ndikusokonezeka. Pa pulogalamu yomwe ndimagwiritsa pa foni popanga zithunzi za makeke anga, ndikakweza nambala chithunzi chimafanana KWAMBIRI ndi choyamba. Inu mukuti kukweza kumachotsa kufanana. Wolakwa ndani?

Chimz263
Palibe wolakwa mayi. Mapulogalamu ena anaitembenuza, amalemba Image strength kapena Init strength, kukweza ndi kusunga chithunzi chanu. Denoising strength kukweza ndi kuchisiya. 0.7 ya uku ili ngati 0.3 ya uko. Musakhulupirire dzina, ikani kumapeto kwenikweni muone chotuluka, mudziwa mbali yomwe ikupita.

mai_a_Tadala
Ooh chabwino. Ndiye ine keke ikamatuluka ndi maluwa omwe sindinaike nditani, kasitomala amafuna chomwe waona pa chithunzi

Chimz263
Pa yanuyo kwezani. Koma kunena zoona za malonda ingosinthani kumbuyo kokha, keke musamaikhudze, munthu asadzalandire chosiyana ndi chomwe anaoda.

DJ_Kabaza
Ine ndikuona ngati mukuzunza achemwali ndi masamu. Midjourney V6 ilipo, muike chithunzi ndi --cref kenako --cw 100, nkhope ifanana 100 peresenti, nkhani yatha.

Chimz263
--cw si peresenti ya kufanana a Kabaza. Pa 100 imatenga nkhope, tsitsi ndi zovala, pa 0 imayang'ana nkhope yokha kuti muthe kusintha zovala. Ndiye kwa achemwali omwe akufuna jekete ina 100 ndi yolakwika. Komanso eni ake analemba okha kuti --cref imagwira bwino pa anthu opangidwa ndi Midjourney yomweyo, siinapangidwire zithunzi za anthu enieni. Yokoka chithunzi chonse ndi --iw, imayambira pa 1 ndipo pa V6 imafika 3, komabe imajambula chatsopano, siisunga nkhope ngati mmene img2img imachitira.

DJ_Kabaza
Ine mapositala a zoimbaimba ndimapangira momwemo ndipo palibe anadandaulapo

Malume_Gomani
Pa positala munthu akafanana pang'ono, dzina lili pansi, anthu amavomera. Apa oonera ndi ana ake a malemu.

A Nachisale, mukabwera ndi sikani ija chitani motere. Yambani ndi makala, ndipo makala musayembekeze kuti denoizi yotsika ikupatsani. Pa 0.25 chithunzi chakuda ndi choyera chimatuluka chakuda ndi choyera ngakhale mulembe chani mu pulomputi, chifukwa mtundu ndi chinthu chachikulu ngati jekete ija. Tsegulani GIMP kapena Photoshop, ikani leya yatsopano pamwamba, pa Photoshop muiike pa Color, pa GIMP pa LCh Color, kenako pakani ndi dzanja khungu, milomo, shati. Sizifunika luso, pakani mwachisawawa. Mtundu wa khungu mutenge pa chithunzi cha mwana wawo yemwe akulu akuti ankafanana nawo. Izi ndikunenetsa chifukwa mamodelo ambiri omwe ndagwiritsapo amakonda kuyeretsa khungu lathu ndi kuongola mphuno mukawasiyira okha.

Mukatero pitani pa tabu ya Inpaint. Ntchito yoyamba ndi jekete ndi kumbuyo. Pakani masiki pa nkhope, makutu ndi tsitsi, musankhe Inpaint not masked, kutanthauza kuti chilichonse chisinthe kupatula chomwe mwapakacho. Apa kwezani mosaopa, 0.7 mpaka 0.8, CFG 7, nkhope siikhudzidwa. Mask blur imakhala pa 4, ikwezeni pang'ono ifike 8 kuti pakhosi pasaoneke mzere.

Yachiwiri ndi nkhope. Masiki yomweyo koma tsopano Inpaint masked, Masked content pa original, Inpaint area pa Only masked. Only masked ndi yofunika chifukwa imatenga kachigawo ka nkhope nkukakuza kufika pa Width ndi Height zomwe mwaika, ndiye modelo imagwira nkhope ili ndi timabokosi tambiri. Denoizi 0.2 mpaka 0.3, CFG tsitsani ifike 4 kapena 5 kuti mawu asalimbane ndi chithunzi. Ndipo Restore faces ikhale yozima.

Phiri_Tafara
Restore faces yozima?? Mesa ndi imene imakonza nkhope

Malume_Gomani
Imakonza kuti ikongole. CodeFormer ndi GFPGAN, zomwe Restore faces imagwiritsa, zinaphunzitsidwa kuchotsa zoonongeka ndi madontho pa nkhope, ndiye mphini imaziona ngati pepala lakandika nkuzisalaza. Mano ndi maso imaikanso ake. Amene akuifunabe adziwe kuti CodeFormer weight nayonso ndi yotembenuka, 0 ndiye imasintha kwambiri, 1 imasintha pang'ono.

GogoWaDzivarasekwa
Ana inu ine za manambalazi sindizidziwa, mdzukulu ndi amene wandionetsa nkhaniyi. Koma ndifunse, jekete yong'ambikayo yalakwa chani? Anthu aja ankabwera wapansi kudzera ku Tete, ena ankagwira m'mafamu a fodya ena m'mayadi a azungu, jekete imeneyo mwina anachita kubwereka kuti akajambulitse atumize kumudzi. Mukawaveka suti yomwe sanavalepo, adzukulu adzaganiza kuti moyo unali wofewa. Mphinizo ndiye musayerekeze kuchotsa, kwathu munthu tinkamudziwa nazo.

NachisaleWaKuMabvuku
Agogo mwandikhudza. Nkhani ya jekete anayambitsa ndi amalume anga aakulu, akuti bambo awo asaoneke osauka pamaso pa anthu. Amayi akufuna ikhale momwe ilili. Ine ndili pakati.

Chimz263
Kwathu ku Mufakose tinakangana chimodzimodzi pa chithunzi cha agogo aakazi, ena amafuna duku ichotsedwe. Mapeto ake pa fulemu tinaika chenicheni, pa matisheti chokonzedwa.

Phiri_Tafara
Zoti Dedza zandikumbutsa, alipo akudziwa ngati basi za ku Lilongwe zikunyamukabe masiku omwe aja? Ndili ndi katundu wofuna kutumiza

DJ_Kabaza
Funsani pa gulu la maulendo akulu, pano tisasokoneze

NachisaleWaKuMabvuku
Ndabwerako ku tauni, sikani ndatenga ndipo kusiyana kwake nkoopsa, mpaka ndaona kuti khutu lakumanzere linali ndi kachipsera komwe pa foni sikamaoneka. Ndapaka makala ngati mmene munanenera amalume. Koma pa nkhope ndikaika 0.25 ikutuluka ya mbuu, ngati yosamalizidwa. Sampling steps ili pa 20.

Chimz263
Imeneyo ndikuidziwa. Pa img2img masitepe amachulukitsidwa ndi denoizi. 20 kuchulukitsa ndi 0.25 ndi masitepe 5 okha omwe akuyendadi. Ikani 60 kuti muyende 15, nthawi yake sikhala yaitali chifukwa ambiriwo akudumphidwa. Mu Settings mulinso pochonga poti ichite masitepe onse omwe mwalemba, koma ine ndimangokweza nambala.

Malume_Gomani
Chimz wanena zoona. Ndipo musamayese kamodzikamodzi Seed ili pa -1, chifukwa pamenepo chilichonse chotuluka chili ndi phokoso lake, simungadziwe ngati chasintha nkhope ndi denoizi kapena ndi sidi. Lembani nambala imodzi iliyonse pa Seed ikhale yomweyo. Kenako pansi pa Script sankhani X/Y/Z plot muike izi

```
X type: Denoising   X values: 0.2, 0.25, 0.3, 0.35, 0.45
Y type: CFG Scale   Y values: 4, 7, 10
```

Mutuluka zithunzi 15 pa pepala limodzi. Poyang'ana musayambe ndi kukongola. Yang'anani mphini, kachipsera ka pakhutu, kukula kwa mphuno m'munsi, ndi makwinya a pakamwa. Chizindikiro choyamba choti mwapyola ndi chakuti munthu amayamba kuoneka wamng'ono msinkhu ndipo mbali ziwiri za nkhope zimafanana ndendende, pomwe nkhope ya munthu weniweni siikhala choncho. Ndipo woweruza asakhale inu, mwachiyang'ana nthawi yaitali maso azolowera. Bisani manambala muwapatse amayi aloze okha pomwe bambo awo athera.

Zuze_Mbare
Bwanji osangogwiritsa IP-Adapter FaceID? Ine ndimaika weiti 0.8 ndipo nkhope imabwera ngakhale pa txt2img, ukhoza kumuika munthu pena paliponse, ataima, atakhala, chilichonse. Zomapaka masikizi nzakale.

Malume_Gomani
Ndi chida chabwino a Zuze koma chimagwira mosiyana. FaceID siisunga mapikiselo a nkhope, imatenga nkhope nkuisandutsa mndandanda wa manambala kudzera mu InsightFace, kenako modelo imajambula nkhope yatsopano yogwirizana ndi manambalawo. Mumapeza ufulu wonse wa kaimidwe ndi malo, koma mphini ndi chipsera nthawi zambiri sizidutsa, chifukwa manambalawo anapangidwira kuzindikira munthu osati kusunga chilichonse cha pakhungu. Mukakweza weiti kufuna kukakamiza, nkhope imauma ndipo pulomputi imasiya kumveka. Pa chithunzi chimodzi chakale chotere ine sindingayambire pamenepo. Komanso inu amene mumagulitsa ntchito zanu werengani chilolezo cha mamodelo a InsightFace, analemba kuti ndi a kafukufuku osati malonda.

Zuze_Mbare
Za mphini ndikuvomera. Koma zoti nkhope imauma zimatengera modelo, pa SDXL ine sindinazione pa 0.8. Ndipo achemwali akafuna agogo ataima thupi lonse masiki yanuyo siithandiza.

Malume_Gomani
Thupi lonse ndiye zoona, pamenepo njira yanu ndi imene ingagwire, kenako nkubwezeretsa nkhope yeniyeni pamwamba ngati mutu wapenya mbali yomweyo. Koma sanapemphe zimenezo.

NachisaleWaKuMabvuku
Magetsi anathima dzulo lonse ndiye ndachita usiku atabwera. Pepala la zithunzi 15 ndawaonetsa amayi ndi azakhali aliyense payekha. Onse awiri akuti 0.2 ndi 0.25 ndi iwowo. Pa 0.3 amayi akuti ndi iwo, azakhali akuti maso asintha, akuti bambo awo diso lakumanja linali locheperako. Ndabwerera pa sikani ndipo ndi zoona. 0.35 kupita kutsogolo onse akana. Mzere wa CFG 10 wonse anaukana ngakhale pa 0.2, akuti akuoneka okwiya. Ndatenga 0.25 ndi CFG 4.

Tsopano pabuka china. Amalume anga aakulu aja aona ndipo akuti pa tisheti akufuna chioneke ngati chojambula ndi penti, osati foto. Ndayesa chithunzi chonse pa 0.25 ndi mawu a penti, sichikusintha. Ndabwereranso poyamba paja?

Chimz263
Apa ndiye pofunika ControlNet. Ikani chithunzi chomwe mwamalizacho, Canny kapena Lineart, Control Weight 1, ndiye denoizi mutha kuikweza mpaka 0.5 kapena 0.6 mizere ya nkhope ili yogwiridwa. Yang'anani kaye chithunzi cha mizere chomwe Preprocessor yatulutsa, ngati mphini sizikuoneka mmenemo sizidzaonekanso kotsiriza. Pa Canny tsitsani Low Threshold kuti igwire timizere tofooka.

Malume_Gomani
Ndionjezere chimodzi. Weiti 1 kuyambira poyamba mpaka pomaliza imatulutsa chinthu chouma, penti imaoneka ngati yathiridwa mkati mwa mizere. Siyani weiti pa 1 koma Ending Control Step muike 0.7, kuti masitepe oyamba omwe amakhazikitsa maonekedwe a nkhope akhale ogwiridwa, omaliza modelo imasuke ipange mikwasa ya bulashi. Koma ndikuuzeni zoona, mizere imagwira malire okha, siigwira kuzama kwa masaya ndi mmene munthu amayang'anira. Pa 0.55 kufanana kutsika ndithu, diso locheperalo likhoza kubwerera kukhala lofanana ndi linzake.

Zuze_Mbare
Apa ndi pomwe FaceID pa 0.5 pamodzi ndi Canny imathandiza, wina agwira mizere wina agwira nkhope

Malume_Gomani
Zikhoza kutheka, ngati khadi la kompyuta yawo lingakwanitse zonse ziwiri. Ine ndikanayesa kaye fyuluta wamba ya penti ya mu GIMP, ija ya Oilify, kenako img2img pa 0.3 kuti isalaze. Maonekedwe a penti amakhala abwera kale ndi fyuluta, modelo siifunikanso ufulu wambiri.

Phiri_Tafara
Musaiwalenso wosindikiza. Ngati matisheti ndi a sikirini pirinti ya mtundu umodzi kapena iwiri, timizere ta mphini titha kutayika pa nsalu ngakhale pa kompyuta tikuoneka. Mufunseni kaye asindikiza bwanji musanataye usiku wina.

NachisaleWaKuMabvuku
Khadi langa ndi la 6GB ndiye ndiyamba ndi njira ya Oilify, ikakanika ndiyesa Canny yokha. Wosindikiza ndamuimbira akuti ndi DTF, makala onse atuluka, akufuna fayilo ya 300 dpi pa saizi ya A4 pofika Lachitatu. Za jekete sitinagwirizanebe, amalume anga akubwera Loweruka kuchokera ku Chitungwiza ndiye ndakonza ziwiri, ya suti ndi yong'ambika ija, nkhope ndi imodzi ya 0.25. A Chimz, Low Threshold ija mumatsitsa kufika pa zingati? Pa 100 pomwe ili mphini za kumanzere zokha ndi zomwe zikuoneka.

Chimz263
Yesani 50 muone mizere. Ikayamba kugwira ndi madontho a pepala lakalelo bwererani cha ku 70, kapena jambulani mphini zakumanjazo ndi dzanja pa chithunzi cha mizerecho, zoyera pa chakuda, nkuchilowetsa Preprocessor ili pa none.